Lipoti la ntchito: mahedifoni a Bluetooth okanirira pa foni yakale

Ndimakonza mafoni kufupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, cha ku Malangalanga. Lipotili ndi la mahedifoni ang'onoang'ono olowetsa m'makutu, opanda waya, amene amagona m'kabokosi kotchajira. Dandaulo lake limafika pa benchi langa kawirikawiri: munthu wagula foni yatsopano, wayatsa Bluetooth, koma mahedifoni amene dzulo lomweli amaimba bwinobwino sakuoneka pa mndandanda. Ambiri amabwera atagamula kale kuti afa. Ndasankha nkhani iyi chifukwa munali mavuto atatu osanjikizana, ndipo lililonse limabisa linzake.

Zimene mwini wake anafotokoza

Mayi wina wa ku Area 25, amene amagwira ntchito mu ofesi ku City Centre, anabwera Loweruka ndi mwana wawo wamwamuna wa Fomu 3. Mahedifoni awo ndi a mtengo wapakatikati, ongokhudza ndi chala, ndipo kabokosi kake kalibe batani lililonse. Anali atawagwiritsa ntchito pafupifupi chaka pa foni ya Android. Atagula foni yatsopano, ya Android yomweyo, yakaleyo anapatsa mnyamatayo.

Tsiku loyamba analowa pa Pair new device, nadikira, koma dzina la mahedifoni silinatuluke. Mnyamata anayesa kuwafufuta chikumbumtima pokanikiza onse awiri ali m'kabokosi. Zitatero dzina linaoneka, foni yatsopano inalumikizana nawo, koma mawu amamveka khutu la kumanzere lokha. Mayiwo anati: "Achimwene, ya kumanjayi yapsa. Mungondipezera ina yofanana nayo." Ndili mkati mowafunsa, mnyamata uja anaponyamo lake: "Ankolo, nayonso foni anandipatsayi sipika yake ikuvuta. Madzulo kunyumba ikangolowa kolo, munthu sindimumva, koma kusukulu imamveka." Mayi ake anamuyang'ana ngati akusokoneza nkhani, koma mawu amenewa ndi amene anandilozera kumene vuto linali.

Chifukwa chimene mahedifoni sanaonekere tsiku loyamba

Foni ndi mahedifoni zikalumikizana koyamba, zimapangana nambala yachinsinsi, ndipo chilichonse chimasunga nambalayo pamodzi ndi adiresi ya chinzake. Ichi n'chifukwa chake mawa lake simufunikanso kudina chilichonse. Mukatsegula kabokosi, mahedifoni amadzuka, n'kuyamba kuitana foni imene analumikizana nayo komaliza. Ikayankha, basi, nkhani yatha.

Mahedifoni amakhala m'mikhalidwe iwiri imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi wolandira foni imene akuidziwa kale. Wachiwiri ndi wodzilengeza kwa foni iliyonse yapafupi, ndipo uwu wokha ndi umene umachititsa dzina lawo kutuluka pa Pair new device. Minibasi ikadzaza ku depoti woitanira amasiya kukuwa, ndipo mahedifoni nawo akapeza foni yawo yakale amasiya kudzilengeza. Foni yatsopano ikhoza kufufuza mpaka batire kutha, siiwaona, ngakhale ali pa tebulo lomwelo.

Bluetooth ya m'foni imafika pafupifupi mamita 10, ndipo pabwalo popanda chotchinga imapitirira pamenepo. Khoma limodzi la njerwa limaifooketsa koma siliithetsa. M'nyumba zathu za ku Area 25, Kawale kapena Biwi, foni imene ili kuchipinda cha mwana ili pafupi mokwanira kugwira mahedifoni amene mayi atsegula pabalaza. Kutulutsa simu khadi m'foni yakale sikusintha kanthu, chifukwa nambala yachinsinsi ija ili m'foni mwenimwenimo. Mayiwa anasamutsa simu, zithunzi ndi WhatsApp, koma kulumikizana kwa Bluetooth kunatsala kumene kunali.

Zimene ndinaona pa benchi

Ndisanakhudze chilichonse ndinatsegula kabokosi n'kuyang'ana timagetsi. Ya kumanzere inathwanima pang'ono n'kukhala chete, ndipo foni yatsopano inaonetsa kuti yalumikizana. Ya kumanja sinathwanime n'komwe. Ndinaitulutsa, n'kuiika kukhutu kwanga, ndipo ndinauza mnyamata kuti atulutse foni m'thumba ayimbitse nyimbo iliyonse. Nyimbo inamveka m'khutu langa, momveka bwino. Ndinawapatsa mayi aja kuti adzimvere okha.

Apa zinali zoonekeratu. Ya kumanja sinapse. Inali ikadali ndi foni yakale, ya kumanzere ili ndi yatsopano, ndipo ziwirizo sizimalankhulananso. Sipika ya mnyamata nayo inalibe vuto. Madzulo mayi akafika kunyumba ndi chikwama chawo, hedifoni ya kumanja imagwira foni yake, ndipo mawu a kolo amapita m'kabokosi kotseka m'chikwama.

Funso lotsala linali lakuti n'chifukwa chiyani ya kumanja imakhala maso ili m'kabokosi kotseka, nanga n'chifukwa chiyani inakana kufufutika pamene inzake inalola. Ndinaunika ndi tochi m'dzenje lake. Pansi pamakhala timapini tiwiri ta mtundu wagolide tokhala ndi sipuling'i, timene timakhudza timadontho tachitsulo ta pa hedifoni. Kapini kamodzi kanali kataphimbidwa ndi phula la m'khutu losakanikirana ndi fumbi lofiira lija la Lilongwe la m'mwezi wa Okutobala, ndipo ndikakakankha kamabwerera mwaulesi. Timapini timeneti sitingotchaja chabe. Mphamvu ya magetsi yodutsa pamenepa ndi imene imauza hedifoni kuti ili m'kabokosi, izime, ndiponso kuti yatulutsidwa, idzuke. Kukhudzana kukamadukaduka, hedifoni imatchaja mwa apo ndi apo koma imadziona ngati ili kunja. Pa mahedifoni amenewa kufufuta kumatheka pokhapokha ali m'kabokosi, ndiye pamene mnyamata amakanikiza onse awiri, ya kumanzere inamva lamulo n'kuiwala zonse, kuphatikizapo inzake, pamene ya kumanja inatenga kukanikizako ngati kukhudza wamba.

Ndiyenera kunena kuti mnyamatayo sanachite zachibwana. Njira imene anatsata inali yolondola. Chimene sanadziwe n'chakuti kufufuta kumayenera kugwira onse awiri nthawi imodzi, ndipo umboni wake ndi timagetsi ta mbali zonse ziwiri.

Zimene ndinachita, motsatana kwake

Ndinayamba ndi foni yakale. Ndinalowa pa Settings, kenako Connected devices, n'kupeza dzina la mahedifoni pa mndandanda wa zosungidwa, n'kudina kachizindikiro ka giya pambali pake, n'kusankha Forget. Pa mafoni ena mawuwo ndi Unpair, ndipo pa iPhone mumadina kachilembo ka i n'kusankha Forget This Device. Nditatero ndinazimitsanso Bluetooth ya foniyo mpaka ntchito itatha.

Pali kusiyana pakati pa kuzimitsa Bluetooth ndi Forget, ndipo anthu amagwa pomwepa. Kuzimitsa kumamasula mahedifoni kwa kanthawi, koma mwana akadzayatsanso kuti alumikize sipika kapena alandire nyimbo kwa mnzake, foniyo imakumbukira, ndipo mahedifoni ambiri amasunga mafoni angapo m'chikumbumtima chawo. Tsiku limene Bluetooth ya mayi yazima kapena foni yawo yatsalira m'galimoto, mahedifoni amabwerera kwa mwana. Forget imafufuta nambala yachinsinsi kumbali ya foni, motero ngakhale mahedifoni aitane, foniyo siingawalandire mwakachetechete. Kwa a iPhone pali msampha wina: kudina Bluetooth pa Control Centre kumangodula zolumikizidwa kwa kanthawi, sikuizimitsa. Kuzimitsa kwenikweni kuli mu Settings.

Chachiwiri chinali kuyeretsa. Ndinagwiritsa ntchito kamtengo kotokosera m'mano kuchotsa phula lolimba, kenako kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti wotsukira mabodi a m'mafoni, pa timapini ndi pa timadontho ta mahedifoni onse awiri. Singano kapena waya musayerekeze, chifukwa chitsulo chikhoza kukhudza timapini tonse tiwiri nthawi imodzi n'kupanga shoti, komanso chimakanda utoto wagolide uja n'kuyambitsa dzimbiri. Ndinakankha kapini kaja kangapo mpaka kanayamba kudumpha mofanana ndi kanzake. Zitauma ndinabwezera mahedifoni, ndipo ulendo uno timagetsi tonse tiwiri tinayaka mofiira kusonyeza kuti akutchaja. Ndinalumikiza kabokosi ku tchaja wamba ya mavoti 5 n'kukasiya pafupifupi theka la ola. Kudikira kumeneku sikuyenera kudumphidwa. Hedifoni imene batire lake latsala pang'ono ikhoza kuzima mkati mwa kufufuta, ndipo kabokosi kopanda moto sikangauze mahedifoni kuti ali mkati kapena kunja. Masiku amene magetsi athima nthawi yaitali ndimalandira mahedifoni ambiri "openga" amene vuto lawo ndi kabokosi kouma basi.

Chachitatu chinali kufufuta onse awiri. Mayiwa anali atasunga kapepala ka malangizo m'katoni yake, chinthu chimene chinandisangalatsa, chifukwa njira imeneyi imasiyana fakitale ndi fakitale, ngakhalenso pakati pa mitundu ya fakitale imodzi. Pa amenewa, malangizo amati asiyeni m'kabokosi chivundikiro chili chotsegula, khudzani onse awiri pamodzi kwa masekondi 10, mpaka timagetsi tithwanime mofiira. Ndisanayambe ndinazimitsa Bluetooth ya foni yatsopano, kuti ya kumanzere isakhale yotanganidwa. Ndinaika zala ziwiri nthawi imodzi, maso ali pa timagetsi, ndipo tonse tinathwanima pamodzi. Pakanathwanima kamodzi kokha ndikanabwerera ku timapini, osapitirira.

Kenako ndinatseka chivundikiro kwa masekondi ochepa, n'kutsegula, n'kutulutsa onse awiri pamodzi, n'kuwaika moyandikana pa benchi. Nthawi imeneyi ndi yofunika kuugwira mtima, chifukwa mahedifoni amayenera kupezana okhaokha asanafune foni. Poyamba onse awiri amathwanima mofulumira. Patapita masekondi angapo ya kumanzere inakhala chete, ya kumanja n'kupitiriza kuthwanima mofiira ndi mwabuluu mosinthanasinthana. Chimenechi ndi chizindikiro chimene ndimadikira: awiriwo agwirizana, imodzi yakhala yotsogolera, ndipo ikudzilengeza m'malo mwa onse. Mukathamangira kudina dzina pa foni onse awiri akadathwanima, mumalumikiza imodzi yokha, n'kubwereranso ku vuto la khutu limodzi. Chizindikiro china cha vuto lomweli ndi kuona dzina lomwelo kawiri pa mndandanda, kapena limodzi lili ndi L kapena R kumapeto.

Vuto lachitatu linali m'foni yatsopano

Mayi aja ataona kuthwanimako anayatsa Bluetooth n'kudina dzina la mahedifoni limene linali kale pa mndandanda wa zosungidwa. Foni inazungulira kwa kanthawi n'kulephera. Anadinanso, zomwezo. Nkhope yawo inagwa.

Izi ndinkaziyembekezera. Dzina limenelo linali la kulumikizana kwa masiku apitawo ndi hedifoni ya kumanzere. Foni inali ndi nambala yachinsinsi yakale, pamene mahedifoni anali atangoiiwala kumene. Foni imapereka nambala imene mbali inayo siikuidziwa, ndiye kulumikizana kumakanika, ndipo mafoni ena samakuuzani chifukwa chake, amangobwerera pa mndandanda. Mankhwala ake ndi Forget yomwe ija, koma pa foni yatsopano. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti mukafufuta mahedifoni, fufutaninso dzina lawo pa foni iliyonse imene inawadziwapo.

Pamene timamaliza zimenezi kagetsi kanali katasiya kuthwanima. Mahedifoni sadzilengeza mpaka kalekale, amadikira mphindi zochepa n'kuzima kuti asunge batire. Ndinawabwezera m'kabokosi, n'kutseka, n'kutsegulanso, ndipo poti analibe foni iliyonse m'chikumbumtima anayambanso kudzilengeza okha. Ndinalowa pa Pair new device. Kuno kumsika mndandanda umenewu umadzaza ndi masipika a m'mashopu oyandikana ndi mahedifoni a akabaza odutsa, ndipo maina ambiri amafanana. Njira yanga yotsimikizira ndi yosavuta: ndimatseka chivundikiro, n'kufufuzanso, n'kuona dzina limene lasowa. Limenelo ndiye lathu. Ndinalidina, foni inafunsa chilolezo, ndinadina Pair.

Kuyesa

Sindimupatsa munthu mahedifoni chifukwa chongoona mawu akuti Connected. Ndinayimbitsa nyimbo, mayi anatsimikiza kuti makutu onse awiri akumva. Ndinawaimbira foni kuchokera pa yanga kuti tione ngati kolo ikudutsa m'mahedifoni ndiponso ngati maiki ikugwira, chifukwa nyimbo ndi kolo zimayenda m'njira ziwiri zosiyana za Bluetooth, ndipo pa giya ija pali maswitchi awiri, Media audio ndi Phone calls, amene onse ayenera kukhala oyaka. Ndinabwezera mahedifoni m'kabokosi n'kuona kuti foni yaonetsa kuti aduka, umboni wakuti onse awiri akuzima tsopano. Nditatsegulanso analumikizana okha. Pomaliza mnyamata anayatsa Bluetooth ya foni yakale ili pa benchi pomwepo, tinatseka n'kutsegula kabokosi, ndipo mahedifoni anapita ku foni ya mayi. Ndinamuimbiranso mnyamatayo, sipika yake inamveka bwinobwino.

Akanabwera tsiku loyamba

Kufufuta konseku kukanapeweka. Tsiku loyamba panafunika Forget pa foni yakale basi, kenako kutseka ndi kutsegula kabokosi. Mahedifoni a mtundu umenewu, opanda batani, akaitana foni yomaliza osayankhidwa, kawirikawiri pasanathe mphindi imodzi amayamba kudzilengeza okha. Ichi n'chifukwa chake amene foni yawo yakale inabedwa kapena anaigulitsa kutali nthawi zambiri savutika, pamene amene anaipereka kwa wa m'nyumba momwemo ndi amene amabwera kwa ine. Foni yakale ikakhala kuti simungathe kuitsegula koma ili pafupi, izimitseni yonse, kapena tulukani ndi mahedifoni mupite kutali nayo.

Mahedifoni ena sadikira zimenezi, ali ndi njira yowakakamiza kudzilengeza osafufuta kalikonse, ndipo imeneyi ndi imene muyenera kuyesa musanaganize zofufuta. AirPods zokhala ndi batani kumbuyo kwa kabokosi mumazisiya mkati, chivundikiro chili chotsegula, n'kukanikiza bataniyo pafupifupi masekondi 5 mpaka kagetsi kathwanime moyera. Mukapitiriza kukanikiza mpaka masekondi 15, kagetsi kamathwanima mwa mtundu wa lalanje kenako moyera, ndipo pamenepo mwafufuta. Batani ndi lomwelo, kusiyana kuli pa nthawi, ndiye chala chichoke kuwala koyera kukangoyamba. Galaxy Buds2 mumaziika m'kabokosi kotsegula n'kukhudza zonse ziwiri pamodzi kwa masekondi opitirira 3, mpaka kagetsi kayambe kusinthasintha mitundu. Koma samalani ndi mahedifoni oyera ofanana ndi AirPods amene ali mbwee m'misika yathu: maonekedwe ndi amodzi koma zam'kati n'zina, ndipo batani lawo silitsata masekondi amenewa nthawi zonse.

Pali amene amathamangira ku Reset Wi-Fi, mobile & Bluetooth pa foni yatsopano. Ine ndimaisiya kumapeto kwenikweni, chifukwa imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi ndi zida zonse zosungidwa, ndipo siikhudza mahedifoni kapena foni yakale, kumene vuto limakhala nthawi zambiri. Imathandiza pokhapokha foniyo ikukana zida zonse za Bluetooth, osati mahedifoni amodzi okha. Kuyesa kwake n'kosavuta: yesani mahedifoniwo pa foni yachitatu imene sinawadziwepo. Akaoneka kumeneko, yang'anani foni. Akapanda kuoneka, yang'anani mahedifoni kapena foni yakale.

Pamene njira zimenezi zimathera

Mahedifoni ena amatha kugwira mafoni awiri nthawi imodzi. Amenewa amalola foni yatsopano osasiya yakale, ndiye mwini amaona ngati zonse zatheka, kenako nyimbo imangoduka mwana akalandira kolo kuchipinda. Yankho lake ndi Forget pa foni yakale.

AirPods zogula kwa munthu zili ndi malire ena. Ngati zinamangidwa ku akaunti ya Apple ya mwini woyamba, kufufuta ndi batani sikumasula chingwe chimenecho. Zikhoza kuimba, koma iPhone yanu idzakuuzani kuti ndi za akaunti ya munthu wina, ndipo wozichotsa ndi mwini woyambayo, kudzera mu Find My pa akaunti yake. Pa benchi palibe chida chochitira zimenezi, ndiye wogula aonetsetse kuti wogulitsa wazichotsa ndalama isanatuluke m'thumba.

Malire omaliza ndi batire. Hedifoni ikakhala kuti timapini n'toyera, kabokosi kali ndi moto, yagona mkati ola lathunthu koma kagetsi sikakuyaka, kapena ikuyaka ili m'kabokosi n'kuzima ikangotulutsidwa, vuto silili pa kulumikiza. Kabatire ka mkati kafa. Mahedifoni ambiri amamatidwa ndi guluu, ndipo kuwatsegula kumawononga chikhokho. Kugula imodzi yofanana nayo, monga mayi aja anapempha poyamba, nakonso sikuthandiza nthawi zonse, chifukwa ziwiri zochokera m'mabokosi osiyana zimatha kukana kupezana ngakhale dzina ndi maonekedwe zili zofanana.